Fizi tinalipira koma kusukulu akuti K130,000 sakuiona, kalata ndiilembe bwanji?

MayiWaKuNgabu
Abale anga, ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3 pa sukulu ina yogonera komweko, si ya boma. Fizi ya teremu ino ndi K380,000 ndipo tinalipira kawiri. K250,000 ndinakaika ndekha kubanki ku Nchalo Lolemba pa 6 Januwale. K130,000 yotsalayo anakalipira ndi alamu anga Lachisanu pa 10 Januwale kwa ejenti wa pamsika pano, titagulitsa mbuzi. Dzulo mwana waimba pa foni ya amatroni akulira, akuti dzina lake lili pa pepala la angongole ndipo akapanda kumaliza pofika pa 31 amubweza kunyumba. Ndaimbira abasala, akuti K250,000 akuiona koma inayo ayi, ndiye ndilembe kalata ku ofesi yawo. Kalata yotere sindinalembepo. Ndiikemo chiyani kuti aione msanga, asangoiponya m'kabati?

Kabaza_Dyeratu
Mayi, kalata ya chiyani? Ndalama munapereka, mbuzi zinapita. Kwerani minibasi mukaime pa khomo la ofesiyo mpaka akupatseni lisiti. Akakana pitani kupolisi.

Nchalo_Shuga
Musavutike ndi kalata mayi. Jambulani silipi ija muwatumizire abasala pa WhatsApp, basi. Ine ndimatero teremu iliyonse ndipo sindinavutikepo.

MayiWaKuNgabu
Ndinawatumizira kale achimwene, masilipi onse awiri. Wakubanki anauvomera. Wa kwa ejenti ndi kapepala kolemba pamanja, akuti sikakuwathandiza.

Basala_Wopuma
Mayi, pepani ndi zimenezi. Ntchito ya ubasala ndinaigwira zaka zambiri kuno ku chigwa ndisanapume, ndiye ndiloleni ndikufotokozereni zomwe zimachitika kuseri kwa kauntala, chifukwa kalata yabwino imachokera pamenepo.

Basala saona ndalama zanu ndi maso. Chomwe amaona ndi sitetimenti ya kubanki, ndipo pa sitetimentiyo ndalama iliyonse yolowa imakhala mzere umodzi: tsiku, mawu ochepa amene wolipira kapena telala analemba, nambala ya malipirowo, ndi kuchuluka kwa ndalama. Sabata yotsegulira sukulu mizere yotere imakhala mazanamazana, ndipo makolo ambiri amalipira ndalama zofanana. Ntchito yake ndi kutenga mzere uliwonse n'kuupezera mwana m'buku la fizi. Mzere wokhala ndi dzina la mwana ndi fomu yake savutika nawo. Mzere wopanda dzina la mwana amauika padera, pa mndandanda wa ndalama zomwe mwini wake sanadziwike, n'kudikira kuti wina abwere ndi umboni.

Ndiye ndalama zanu zili pamodzi mwa malo atatu. Mwina zili mu akaunti ya sukulu koma zilibe dzina. Mwina zinalembedwa kwa mwana wina. Mwinanso sizinafike n'komwe. Kalata yanu siyofunika kulongosola za mbuzi kapena za kulira kwa mwana, ngakhale n'zowawa ndithu. Iyenera kumpatsa basala chinthu choti aloze ndi chala pa sitetimenti. Tandiuzeni, pa kapepala ka ejenti kaja palembedwa chiyani? Musaike chithunzi chake pano, ingotiuzani.

MayiWaKuNgabu
Zikomo bambo. Palembedwa tsiku, 10/01/2025, kenako 130,000, dzina la sukulu, ndi siginecha ya ejentiyo. Palibenso china.

Basala_Wopuma
Vuto ndi limenelo. Kapepalako kakungosonyeza kuti ejenti analandira ndalama kwa alamu anu. Sikakusonyeza kuti sukulu inalandira. Musanalembe kalata, bwererani kwa ejentiyo pamodzi ndi alamuwo, mukampemphe akuonetseni uthenga womwe unabwera pa foni yake atatumiza. Mukakopere zonse zili mmenemo: nambala yomwe yalembedwa pa Transaction ID kapena Ref, nthawi yake, ndalama zenizeni zomwe zinatumizidwa, nambala ya akaunti yomwe zinapita, ndi dzina la wolandira. Mukopere chilembo chilichonse mosamala, chifukwa 0 ndi O kapena 1 ndi I zimasokoneza anthu. Ngati alola, jambulani uthengawo ndi foni yanu.

NaChitowe
Zomwezi zinandichitikira chaka chatha ndi mwana wanga wa Fomu 4. Tinalipira ndalama za mayeso pa foni koma dzina silinkatuluka. Muwauze ahedi alembe kalata ku MANEB, ndi omwe amakonza zimenezi.

Mphunzitsi_EastBank
Achemwali, zimenezo ndi zina. Za mayeso zimapita ku MANEB, koma apa mayiwa akunena fizi ya teremu, yolowa mu akaunti ya sukulu. MANEB ilibe nazo gawo, ndipo mwanayu ali Fomu 3.

NaChitowe
Oo, ndinawerenga mothamanga. Koma uthenga wa pa foni ndi womwe unatipulumutsa nafenso, musaunyozere.

Telala_Kale
Ndiwonjezere pa zomwe anena a Basala_Wopuma, ine ndinagwirapo pa kauntala ya banki. Maejenti ali mitundu iwiri ndipo anthu amawasakaniza. Pali wa banki weniweni, wokhala ndi kamakina kotulutsa silipi, ndipo iyeyu amatha kulembapo dzina la mwana. Pali wa ndalama za pafoni, amene mukampatsa ndalama amangozikankha kuchoka pa foni yake kupita ku akaunti ya kubanki. Poti alamu anu anapatsidwa kapepala kolemba pamanja, ndikuganiza kuti anapita kwa wachiwiriyu. Zikatero, pa sitetimenti ya sukulu nthawi zambiri pamatuluka nambala ya foni ya ejenti kapena dzina lake, osati la mwana wanu.

Chinanso, pa 10 Januwale linali Lachisanu. Ngati anatumiza madzulo, ndalama zikhoza kuoneka pa sitetimenti ndi tsiku la ntchito lotsatira, lomwe ndi Lolemba pa 13. Si mabanki onse amatero, koma zimachitika. Basala akamafufuza pa 10 pokha sapezapo kanthu.

Kabaza_Dyeratu
Ndiye bwanji mayiwa asangopita kubanki ku Nchalo akawaonetse sitetimenti ya sukuluyo, nkhani ithe?

Telala_Kale
Sangawaonetse achimwene. Sitetimenti amapatsidwa mwini akaunti yekha, kutanthauza omwe amasainira akaunti ya sukulu. Ndipo pa K130,000 imeneyi, wotumiza amene makina akumudziwa si mayiwa kapena alamu awo, ndi ejenti. Ngati ndalama zinakakamira panjira kapena zinabwerera, woyenera kukadandaula ku kampani ya foni ndi ejentiyo. N'chifukwa chake musayambe mwakangana naye. Mukumufuna.

Mphunzitsi_EastBank
Pa nkhani ya maejentiyi tisawaweruze makolo. Kwathu kuno ku Makhanga ndi Fatima banki tilibe pafupi. Nthawi ya mvula kuti ufike kutsidya uyenera kuwoloka pa bwato, ndalama za fizi zili m'thumba, kenako ukwerenso galimoto. Kholo likawerengera thiransipoti ndi kuopsa kwa madzi, limaona kuti kwa ejenti n'kwabwino. Sukulu zomwe zimatenga ana a kuno zikanayenera kupereka njira yolipirira pa foni yokhala ndi nambala ya mwana aliyense, m'malo momangotiuza kuti pitani kubanki.

MlimiWaThonje
Zoona aphunzitsi. Ndiye onjezani kuti mbuzi mu Januwale zimatsika mtengo chifukwa aliyense akugulitsa nthawi imodzi, wina fizi wina chimanga. Mavenda amadziwa kuti tapanikizika. Ine chaka chino ndinagulitsiratu mu Novembala n'kusunga ndalama pa foni.

Nchalo_Shuga
Kusunga pa foni nakonso kuli ndi mayesero ake bambo, maliro akangogwa ndalama za fizi zimayamba kuchoka pang'onopang'ono.

Gogo_Bangula
Ana inu mwayamba za mbuzi, mwana wa mwini ali pa pepala la angongole. Koma poti mwatchula za masilipi, ndikuchenjezeni za chinthu chimodzi. Timapepala tamakina tija, tosalala tija, sitichedwa kufufutika kuno kwathu chifukwa cha kutentha. Mdzukulu wanga anasunga silipi pa windo, pomwe ankaifuna m'teremu yachitatu inali itayera mbee, nambala osaoneka. Enanso mapepala awo onse anapita ndi madzi a Freddy mu 2023. Mukangolipira, jambulani tsiku lomwelo, pangani fotokope, ndipo nambala ija muilembenso m'kope ndi cholembera.

MayiWaKuNgabu
Ndabwera kumene kuchokera kwa ejenti. Poyamba amakana, akuti mauthenga ndi ambiri, koma alamu atamukumbutsa nthawi anaupeza. Uthengawo ukuti ndalama zinatumizidwa pa 10/01/2025 nthawi ya 17:48. Akaunti ndi ya sukulu ndithu, ndafananiza ndi ya pa silipi yanga ya kubanki, dzinanso ndi la sukulu. Nambala ya Transaction ID ndakopera, ikuthera ndi 4417. Koma ndalama zomwe zalembedwamo ndi K127,500, osati K130,000. Ndamufunsa, akuti K2,500 inali yotumizira, ndipo akuti anawauza alamu. Alamu akukana.

Basala_Wopuma
Mayi, mwapeza chomwe chimafunika. Taonani mmene zinthu zasiyanirana. Inu munawauza abasala kuti afufuze K130,000 ya pa 10 Januwale ya mwana wanu. Pa sitetimenti pali K127,500, mwina ya pa 13 Januwale, ya dzina kapena nambala ya ejenti. Ndalama zasiyana, tsiku mwina lasiyana, dzina lasiyana. Ngakhale basala wakhama bwanji sakanaipeza. Ndipo poti akaunti ndi dzina la wolandira n'zolondola, mantha akuti zinapita kwina achepa kwambiri.

Tsopano kalata. Ikhale ya tsamba limodzi. Ndikulemberani apa, inu mudzaze malo omwe ndasiya.

Pamwamba kudzanja lamanja: dzina lanu, keyala yanu, nambala ya foni, ndi tsiku, 27 Januwale 2025. Kumanzere: Kwa Abasala, dzina la sukulu ndi keyala yake. Kenako:

Okondedwa Bambo,

MALIPIRO A FIZI OMWE SANALEMBEDWE: (dzina lonse la mwana), FOMU 3, NAMBALA YA MWANA (nambala), TEREMU YACHIWIRI

Ine ndine mayi wa mwana amene watchulidwa pamwambayu. Ndikulemba potsatira zomwe tinakambirana pa foni pa 23 Januwale, pomwe munandiuza kuti buku lanu likusonyeza ngongole ya K130,000.

Fizi ya teremu ino, K380,000, tinalipira kawiri motere.

Koyamba: K250,000 pa 6 Januwale 2025, kubanki ku Nchalo, mu akaunti ya sukulu nambala (nambala). Izi munavomera kuti zinalembedwa.

Kachiwiri: K127,500 pa 10 Januwale 2025 nthawi ya 17:48, kudzera kwa ejenti wa ndalama za pafoni ku Ngabu, mu akaunti yomweyo. Nambala ya malipirowa ndi (nambala yonse yothera ndi 4417). Zinachokera pa foni nambala (ya ejenti), yolembetsedwa m'dzina la (dzina la ejenti). Dzina la mwana silinalembedwepo, ndipo pa sitetimenti yanu zikhoza kuoneka pa 10 kapena pa 13 Januwale. Izi ndi zomwe sizinalembedwe.

Ndikupempha kuti mufufuze malipiro achiwiriwa, muwalembe m'buku la mwanayu, ndi kundipatsa lisiti la sukulu losonyeza ndalama zotsala. Mwa kuwerengera kwanga zotsala ndi K2,500, zomwe ndilipira pofika pa 31 Januwale. Ndikupemphanso kuti mwanayu asabwezedwe kunyumba nkhaniyi ikufufuzidwa, ndipo mundiyankhe pofika pa 30 Januwale.

Ndaphatikiza fotokope ya silipi ya kubanki, ya kapepala ka ejenti, ndi ya uthenga wa pa foni.

Ine wanu,
(siginecha ndi dzina)

Pansi pake mulembe kuti kope yapita kwa ahedi.

Kabaza_Dyeratu
Ayi bambo, apa sindikugwirizana nanu. Mayiwa anatulutsa K130,000 m'thumba. Bwanji mukuwalembetsa kuti ali ndi ngongole ya K2,500? Alembe 130 yomwe anapereka.

Basala_Wopuma
Achimwene, ndikumvetsa kupsa mtima kwanu, koma sukulu ingalembe zokhazo zomwe zinalowa mu akaunti yake. Basala akalemba lisiti la K130,000 pomwe banki ikusonyeza K127,500, buku lake silidzagwirizana ndi sitetimenti, ndipo owerengera mabuku akabwera adzafunsa iyeyo. Mayiwa akalemba 130 m'kalata, abwerera pomwe anayambira: ofesi ifufuza nambala yomwe kulibe. K2,500 imeneyo ndi nkhani ya pakati pa alamu ndi ejenti, ndipo isalowe m'kalata yopita kusukulu kupatula kuvomera kuti yatsala.

MlimiWaThonje
Koma ejentiyo anachita bwino? Munthu wakupatsa ndalama za fizi, iwe n'kudulapo osalemba pa kapepala. Akanalemba kuti walandira 130,000, watumiza 127,500, zonsezi sizikanachitika.

Telala_Kale
Kutumiza kuchoka pa foni kupita kubanki kuli ndi mtengo wake, ndiye kuti panali chodulidwa sizodabwitsa. Cholakwika n'chakuti sanachilembe, komanso sanapereke nambala ya malipiro. Kuti adziwe ngati K2,500 ndi mtengo woyenera pa ndalama zimenezo, mayi angafananize ndi pepala la mitengo lomwe maejenti amapachika pa shopu. Ngati anadula mopitirira, ali ndi chifukwa chomveka chokafunsira zotsalazo.

Achimwene_aBoma
Kalatayi ili bwino koma ilembedwe m'Chingerezi. Ofesi siyankha kalata ya Chichewa, amaiona ngati yopanda mphamvu. Ndipo kope ina ipite ku ofesi ya maphunziro ya chigawo ku Blantyre kuti asukuluwo achite mantha.

Mphunzitsi_EastBank
Ine ndakhalapo mu komiti ya makolo ndi aphunzitsi, makalata a Chichewa timalandira ndipo timayankha. Choopsa ndi kalata ya Chingerezi yolembetsa kwa munthu wina, kholo osadziwa zomwe zalembedwamo, basala akafunsa funso kholo n'kusowa choyankha. Mayi alembe chilankhulo chomwe angathe kuchiteteza ataima mu ofesimo.

Za ku Blantyre, nthawi yake sinakwane. Abasala sanakane kanthu, anangopempha kalata. Mukayamba ndi kuopseza, munthu amene akanakuthandizani m'mphindi khumi amayamba kudziteteza, zonse n'kumadutsa kwa ahedi ndi komiti.

Achimwene_aBoma
Chabwino, za ku Blantyre zidikire. Koma pa Chingerezi sindisintha. Nkhani ikakula, kalata yomweyi idzawerengedwa ndi anthu ena.

Nchalo_Shuga
Ndiye aitumize pa WhatsApp ikatha kulembedwa, asaononge thiransipoti.

Basala_Wopuma
A Nchalo_Shuga, pang'ono mukunena zoona. Chithunzi chitsogole lero lomwe kuti abasala ayambe kufufuza. Koma chithunzi chokha chili ndi zofooka ziwiri. Choyamba, chimakhala pa foni ya munthu mmodzi, ndipo akadwala kapena akapita kumaliro nkhani yanu imaima. Chachiwiri, masiku ano alipo amene amasintha manambala pa zithunzi za masilipi, ndiye maofesi ambiri sakhulupirira chithunzi asanaone pepala.

Mayi, chitani izi. Kalata ikhale makope atatu: ya abasala, ya ahedi, ndi yanu. Mukapereka, pemphani kuti pa kope yanuyo adinde chidindo cha sukulu, alembe tsiku ndi kusaina kuti alandira. Mapepala enieni mupite nawo kuti awaone, koma musawasiye. Musiye mafotokope okha. Ndaonapo kholo litasiya silipi yeniyeni pa ofesi, silipiyo n'kusowa, kholo n'kutsala lopanda chogwira.

Mukakhala nawo abasala, apempheni atsegule sitetimenti kuyambira pa 10 mpaka pa 14 Januwale, afufuze K127,500 kapena manambala omalizira aja. Nthawi zina nambala ya malipiro yomwe ili mu uthenga wa pa foni ya ejenti siituluka chimodzimodzi pa sitetimenti, banki imaika yake. Zikatero musataye mtima, nambala ya foni ya ejenti ndi kuchuluka kwa ndalama n'zokwanira kuzindikira mzerewo.

Gogo_Bangula
Dzina la mwanalo mulembe monga lilili m'kaundula wa sukulu, mwanangu. Kuno ana ambiri kunyumba timawaitana ndi dzina lina, kusukulu analembetsa la bambo awo, ena la agogo awo. Mukalemba lomwe mumamuitanira pakhomo mudzayambitsa chisokonezo china.

MayiWaKuNgabu
Zikomo agogo, ndatenga pa lipoti la teremu yatha, pali dzina ndi nambala yake. Funso lina: ejenti akuti sakufuna kuti dzina lake ndi nambala yake zilembedwe m'kalata, akuopa kuti amuimba mlandu.

Telala_Kale
Mumuuze kuti nambala yakeyo mwina ili kale pa sitetimenti ya sukulu, kalata sikuulula chachilendo. Ndipo kalatayi sikumuneneza, ikungosonyeza komwe ndalama zinachokera. Zikamuthandiza iye yemwe, chifukwa zikapezeka palibe amene adzanene kuti anadya ndalama za fizi. Koma pano pa gulu musaike nambala yonse ija kapena chithunzi cha uthengawo. Ndalama zopanda dzina zili mu akaunti ya sukulu, aliyense wodziwa nambalayo angathe kupita n'kukanena kuti ndi za mwana wake.

NaChitowe
Ine chomwe chikundiwawa ndi mwanayo. Bwanji amatchula maina a ana pagulu ngati iwo ndi omwe amalipira? Nkhani ya ndalama azikambirana ndi makolo.

Mphunzitsi_EastBank
Ndikugwirizana nanu achemwali, koma ndinenenso mbali inayo. Pa sukulu yogonera, fizi ndi yomwe imagula chimanga, nyemba ndi nkhuni. Makolo ena sayankha foni mpaka mwana atafika pakhomo ndi chikwama. Sindikuti n'zabwino, ine sindizikonda. Koma mwana amene kholo lake labweretsa umboni asakhale pa pepala limodzi ndi amene sanalipire n'komwe.

Kabaza_Dyeratu
Nanga mwana akabwezedwa, thiransipoti yobwerera ndi masiku omwe wajomba adzabweza ndani? Palibe. N'chifukwa chake ine ndimati pitani mukaime pakhomo.

MayiWaKuNgabu
Ndabwerako abale. Kalata ndinalemba m'Chichewa monga momwe a Basala_Wopuma analembera, ndinapereka Lachiwiri, anandidindira kope yanga. Abasala anatsegula sitetimenti ine ndili pomwepo. K127,500 ilipo, pa 13 Januwale, ndi nambala ya foni ya ejenti. Koma pali vuto lina. Mzerewo unali utachongedwa kale, analembera mwana wina wa Fomu 1 wa konkuno ku Ngabu. Akuti kholo lake nalonso linalipira kwa ejenti yemweyo sabata yomweyo, linabwera ndi kapepala kolemba pamanja, ndiye anaganiza kuti ndi zake. Ahedi anena kuti mwana wanga sabwezedwa, dzina lachotsedwa pa pepala. Koma lisiti sanandipatse, akuti adikire kaye aitane kholo linalo.

Basala_Wopuma
Mwayenda bwino mayi, ndipo abasala akuchita zoyenera posathamangira kulemba lisiti lachiwiri pa mzere umodzi. Lisiti loyambalo liyenera kufafanizidwa m'buku ndi chilolezo cha ahedi, kenako alembe lanu. Umboni wanu ndi wamphamvu chifukwa muli ndi nambala ya malipiro ndi nthawi yake, koma pali chinthu chimodzi chomwe chingakuvuteni. Uthenga wa pa foni ya ejenti ulibe dzina la mwana, ndiye kholo linalo likhoza kunena kuti wa 17:48 ndi wawo. Chothetsa mkanganowo ndi ejenti mwini. Mumpemphe aonetse mauthenga onse omwe anatumiza ku akaunti ya sukuluyo sabata imeneyo, ndi buku lomwe amalembamo makasitomala ngati ali nalo. Ngati anatumiza kawiri, pa sitetimenti payenera kukhala mizere iwiri ya nambala yake, wina ukadali pa mndandanda wa zopanda mwini. Ngati pali mzere umodzi wokha, ndiye kuti ndalama za kholo limodzi sizinafike, ndipo ejenti ali ndi funso loti ayankhe.

K2,500 ija lipirani kubanki, pa silipi mulembe dzina la mwana, fomu ndi nambala yake. Ndipo pemphani ahedi alembe pa kope yanu ija kuti mwana sabwezedwa nkhani ikufufuzidwa, chifukwa amene amawerenga maina pa 31 mwina si amene munalankhula nawo.

MlimiWaThonje
Nanga kholo la mwana wa Fomu 1 lija? Tsopano mwana wawo ndi amene alowe pa pepala la angongole, iwo ali ndi lisiti la sukulu m'manja.

Telala_Kale
N'chifukwa chake ndikuti makolo awiriwa apitire limodzi kwa ejenti, asayambe kulimbana okhaokha. Onse anapereka ndalama kwa munthu mmodzi.

MayiWaKuNgabu
Mayi ake a mwanayo ndikuwadziwa, timapemphera limodzi. Ndawaimbira, akuti iwo anapereka Loweruka pa 11 m'mawa, osati Lachisanu, ndipo kapepala kawo akali nako. Tagwirizana kuti mawa tikumane pamsika 7 koloko ejenti akamatsegula, alamu anga abweranso. Bambo Basala_Wopuma, tikapeza uthenga wachiwiriwo, iwowa alembe kalata yawoyawo kapena tilembe imodzi tonse?

Basala_Wopuma
Yawoyawo mayi. Mwana aliyense ali ndi tsamba lake m'buku la fizi, ndiye kalata iliyonse ikalowa m'failo ya mwini wake. Atsate ndondomeko yomweyo, aike nambala ya malipiro awo, tsiku la 11 Januwale ndi ndalama zomwe zili mu uthengawo, osati za pa kapepala. M'kalata yawo atchulenso nambala ya lisiti lomwe anapatsidwa kale, kuti abasala adziwe lomwe akufafaniza.